Ana 320 a m'kope, ana 103 a m'kalasi: lipoti la sukulu ina yaing'ono ku Zomba

Mayi amene nkhaniyi ikukamba anafika kwa ine mu Juni 2023 atanyamula kope lachikuto cholimba, lija aphunzitsi amalembamo dongosolo la maphunziro. Anaphunzitsa m'sukulu za boma za pulayimale zaka zoposa 30, ndipo atapuma pantchito anatsegula nasale m'galaja ya nyumba yawo cha ku Matawale. Nasaleyo inali itayenda zaka ziwiri ndi ana 38. Ndi ndalama zawo za penshoni anamanga mdadada wa zipinda zinayi kuseri kwa nyumba, ndipo kubanki kunatsala K3.5 miliyoni. Chimene ankafuna kwa ine, monga munthu wothandiza eni mabizinesi ang'onoang'ono kulemba mapulani ndi kusunga mabuku, chinali pepala looneka bwino loti akatengere ngongole ya K15 miliyoni. Ankafuna kumanga zipinda zina zinayi kuti mu Seputembala atsegule sukulu yathunthu, Sitandade 1 mpaka 8.

M'kopemo masamu anali achidule. Makalasi asanu ndi atatu, ana 40 m'kalasi iliyonse, onse pamodzi 320. Fizi K50,000 pa temu, matemu atatu, K48 miliyoni pachaka. Malipiro a aphunzitsi anawawerengera miyezi khumi yokha, poti "Ogasiti sagwira ntchito, Disembala ndi theka". Pansi pake analemba phindu n'kulizunguliza ndi bolopeni yofiira.

Sindinawaseke, chifukwa pulani yotere ndaiona kambirimbiri, ndipo olemba ake si anthu opusa. Mayiwa ankadziwa za kalasi kuposa ine kutalitali. Chimene sanakhalepo nacho ndi udindo wolipira anthu kumapeto kwa mwezi. Kusukulu ya boma mwana akajomba temu yonse, malipiro a mphunzitsi amabwerabe. Apa mphunzitsi adya chimene kholo lapereka.

Zimene buku la nasale linaulula

Ndinawapempha zinthu ziwiri: buku lolembamo malipiro a ana a nasale, ndi mayina a makolo amene anawalonjeza kuti adzabweretsa ana.

Buku la nasale linali losamalidwa bwino, dzina lililonse ndi tsiku lake. Titawonkhetsa matemu asanu ndi limodzi tinapeza kuti pa K100 iliyonse imene makolo anayenera kupereka, zimene zinalowadi zinali pafupifupi K82. Zotsalazo zinapita ndi ana amene anasiya pakati pa temu, ena amene anasamuka, ndi ena amene makolo awo ankangoti "mwezi ukatha, madamu" mpaka chaka kutha. Tinaonanso kuti m'masabata awiri oyamba a temu munkalowa ndalama zosafika theka. Zina zinkabwera modontha, makamaka masiku a malipiro a m'boma. Izi sizodabwitsa ku Zomba. Makolo ambiri a dera lawolo ndi asilikali, apolisi, anamwino, ogwira ntchito kundende ndi kuyunivesite, anthu olandira kamodzi pamwezi. Enawo ndi a mabizinesi ang'onoang'ono ndi a kabaza, amene ndalama zawo zimauma ophunzira a payunivesite ya ku Chirunga akatsekera.

Mndandanda wa mayina unali ndi ana 131, osati 320. Mwa iwo, 112 anali a nasale mpaka Sitandade 4. A Sitandade 5 mpaka 8 analipo 19 okha, m'makalasi anayi. Mayi anati enawo adzabwera akadzaona sukulu itatsegulidwa. Ndinawafunsa kuti, iwo monga mphunzitsi, angachotse mdzukulu wawo wa Sitandade 7 kumene ali n'kumupititsa kusukulu imene sinalembetsepo mwana ndi mmodzi yemwe mayeso a Maneb. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Ayi mwanangu, sindingayerekeze." Kholo la mwana wamng'ono limayang'ana kuti sukulu ili pafupi, ili ndi mpanda, ndipo mwana ayamba msanga kuwerenga ndi kulankhula Chingerezi. Kholo la mwana wamkulu limafunsa kuti chaka chatha anasankhidwa angati kupita ku sekondale, ndipo funso limeneli sukulu yatsopano ilibe poyankhira.

Kuwerengera kalasi imodzi payokha

Apa ndi pamene ndinasintha kachitidwe. M'malo moyamba ndi sukulu yonse, tinatenga kalasi imodzi n'kufunsa kuti imadya zingati pachaka, ndipo ndi ana angati amene angailipire.

Mphunzitsi tinamuika pa K100,000 pamwezi, miyezi khumi ndi iwiri, osati khumi. Mayi anakana poyamba. Ndinawafotokozera kuti mphunzitsi amene sanalandire Ogasiti amakhala akusaka ntchito kwina mwezi wonsewo, ndipo mumadziwa kuti wapita tsiku lotsegulira, ana atakhala kale pamadesiki. Choncho malipiro anali K1,200,000. Lamulo la penshoni limati wolemba ntchito aziikapo 10 pa 100 ya malipirowo, wantchito 5 pa 100, ndiye tinawonjezera K120,000. Choko, mabuku a mphunzitsi, mapepala a mayeso, zolembera pa matchati ndi zina zotero tinaziika pa K60,000 pa temu, kutanthauza K180,000 pachaka. Kalasi imodzi inkadya K1,500,000 pachaka, kaya muli ana asanu kaya makumi anayi.

Mbali ya zolowa tinakana kuwerengera madzi a mphutsi. Mwana mmodzi pachaka ndi K150,000 papepala, koma tinatenga 85 pa 100 yake, kukwera pang'ono pa zimene nasale inkatolera poganiza kuti tikhwimitsa katoleredwe. Zinatsala K127,500. Tikagawa K1,500,000 ndi K127,500 tikupeza ana 12. Ana khumi ndi awiri oyamba m'kalasi iliyonse amangolipira mphunzitsi wawo ndi choko chake. Wa nambala 13 ndiye amayamba kuthandiza kulipira mlonda.

Zodya sukulu yonse zinali mlonda ndi mayi wothandiza ku nasale pa K60,000 aliyense, madzi ndi magetsi, kukonza zowonongeka, ziphaso, ndi malipiro a mayi eni ake monga ahedi, K150,000 pamwezi. Iwo ankati safuna malipiro, adzadya phindu. Ndinaumirira kuti tiwalembe, chifukwa mwini wake wopanda malipiro olembedwa amatapabe m'kabati, kungoti mosawerengeka. Zonsezi zinakwana pafupifupi K4,800,000 pachaka.

Tsopano njira ziwiri zinaonekera poyera. Makalasi asanu, nasale ndi Sitandade 1 mpaka 4, m'zipinda zimene zinalipo kale, ankafuna K12,300,000 pachaka, zimene ndi ana 97. Makalasi asanu ndi anayi, pamodzi ndi ngongole imene anawauza kuti azibweza pafupifupi K650,000 pamwezi kwa zaka zitatu, ankafuna K26,100,000, zimene ndi ana 205. Mayina anali 131, ndipo amenewo anali malonjezo a pakamwa chabe.

Mayi sanasangalale. Anali atauza kale anzawo a kumpingo kuti akutsegula sukulu yathunthu. Anapita ndi pepala langa kunyumba, n'kubwera patatha sabata, nati ngongole aisiya. Tinagwirizana kuti sukulu izikula ndi ana ake, kalasi imodzi pachaka.

Kuti tidziwe olonjeza enieni, tinaika ndalama yolembetsera ya K5,000 yosabwezedwa. Ndalamayi sinali yoti ithandize kwenikweni pa bajeti. Inali sefa. Pofika kumapeto kwa Ogasiti anali atalipira 84.

Cholakwa changa

Ndalama zotsala zija, K3.5 miliyoni, tinazigawa motere: madesiki 35 okhala ana awiri awiri, kwa kalipentala wa m'dera lomwelo pa K45,000 imodzi, ndiye K1,575,000, ndipo zotsala pafupifupi K1.9 miliyoni zikhale nkhokwe ya malipiro a miyezi iwiri. Mabolodi anangopaka pakhoma. Ana a nasale anali ndi mikeka ndi timipando tawo kale.

Sindinapite kukayendera malowo ndisanamalize pulani. Ndinangofunsa kuti zimbudzi zilipo, anati zilipo, ndinalemba. Zinalipodi ziwiri, zimene zinkakwanira ana 38 a nasale. Alangizi a zamaphunziro atabwera kudzaona malo monga mbali ya kalembera wa sukulu ku unduna, ananena zimene aliyense wodziwa ntchitoyi akanayembekezera, kuti atsikana, anyamata ndi aphunzitsi akhale ndi zimbudzi zosiyana, pakhalenso posamba m'manja. Anali ndi chifukwa. Kumanga kunadya K1,400,000, ndipo nkhokwe inatsika kufika pa K500,000 sukulu isanatsegule n'komwe. Chiyambire apo sindilemba pulani ya sukulu ndisanapondepo ndi kuwerenga ndekha zitseko za zimbudzi.

Temu yoyamba

Anatsegula mu Seputembala ndi ana 103: nasale 41, Sitandade 1 ana 29, Sitandade 2 ana 16, Sitandade 3 ana 11, Sitandade 4 ana 6. Chiwerengero chonse chinaposa 97 wathu uja, koma makalasi awiri anali pansi pa 12.

Ganizo langa loyamba linali loti tiphatikize Sitandade 3 ndi 4 m'chipinda chimodzi. Mayi anakana, ndipo apa iwo ndiwo analondola. Anati kholo limene lachotsa mwana kusukulu yaulere, kumene pulayimale salipira chiyambire 1994, likuthawa kuthithikana ndi kusowa chisamaliro, ndiye likangomva kuti mwana wake akuphunzira limodzi ndi a kalasi ina, mawa lake silibweranso. M'malo mwake anadzipereka kuphunzitsa Sitandade 4 okha. Tinalemba aphunzitsi anayi m'malo mwa asanu, ndipo zotuluka zinatsika kufika pafupifupi K915,000 pamwezi.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimabwereza kwa mwini sukulu aliyense mpaka kutopetsa. Temu ili ndi masabata pafupifupi 13, koma fizi yake iyenera kudyetsa miyezi inayi. Matemu ndi atatu, miyezi ya malipiro ndi khumi ndi iwiri. Ndiye temu yoyamba inayenera kupeza K3,660,000 kuti ifike kumapeto kwa Disembala. Papepala ana 103 anayenera kubweretsa K5,150,000. Panalibe chodetsa nkhawa.

Pa 18 Disembala anandiimbira kuti malipiro a aphunzitsi aperewera.

Tinakhala pansi tsiku lonse ndi buku la malisiti. Zinthu zitatu zinatuluka, ndipo palibe chimodzi mwa izo chimene chinali kuba.

Choyamba, ndalama zotoleredwa zinali K3,900,000, pafupifupi 76 pa 100. Nditatsata dzina ndi dzina ndinapeza ana asanu ndi awiri amene sanalipireko kanthu ndiponso sanalembedwe m'gulu la angongole. Awiri anali adzukulu awo, awiri ana a aphunzitsi, atatu ana a anthu a kumpingo amene "zinthu sizikuwayendera". Aliyense payekha chinali chifundo chomveka. Pamodzi anali K350,000 pa temu, malipiro a aphunzitsi atatu a mwezi umodzi ndi chenji. Enawo anali angongole wamba, ndipo anachuluka chifukwa ahedi anali m'kalasi kuyambira m'mawa mpaka masana. Kholo likabwera ndi ndalama linkawapeza ali pa bolodi, likapanda kubwera panalibe wolitsata. Ndalama imene tinapulumutsa posalemba mphunzitsi wachisanu, ina inatulukira khomo limeneli.

Chachiwiri, mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 pa 100. Mapepala, inki yosindikizira mayeso, sopo, utoto, zonse zinakwera m'masabata ochepa. Zotuluka za temu yonse zinafika pafupifupi K3,850,000.

Chachitatu ndicho chinapsereza. Atamva za kugwa kwa kwacha, mayi anathamanga kukagula simenti ndi malata a K850,000 zoti adzamangire Sitandade 5, poopa kuti zidula. Ngati nkhani ndi mtengo, anaganiza bwino, chifukwa zinaduladi. Koma ndalama zimene anagulirazo zinali malipiro a Disembala. Zinkaoneka ngati zotsala chifukwa zinali phwii m'kabati mu Novembala. Tikaphatikiza K3,900,000 ndi nkhokwe ya K500,000, n'kuchotsa zotuluka ndi simenti, panaperewera K300,000. Anakatenga ku banki mkhonde pa chiwongoladzanja cha 20 pa 100 pamwezi, ndipo aphunzitsi analandira Khirisimasi itatha.

Temu yachiwiri, pamene zinafika pa mwana wakana phala

Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi yovuta kutolera fizi kulikonse m'Malawi muno. Makolo amakhala atagula feteleza, atadya Khirisimasi, chimanga chakwera, ndipo chaka chimenecho mvula inadukiza. Ana asanu ndi anayi sanabwerere, ambiri a iwo ali ndi ngongole. Anatsala 94.

Mu Febuluwale 2024 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma anakwera kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi. Mlonda ndi mayi wa ku nasale anayenera kukwezedwa ndi K30,000 aliyense. Ndalama imeneyo tikanaipirira, koma inabala vuto lina. Mphunzitsi wa satifiketi yake, wolandira K100,000, tsopano ankasiyana ndi mlonda ndi K10,000 yokha. Sabata yomweyo mphunzitsi wa Sitandade 1, amene makolo ankamukonda kwambiri, ananena kuti wapeza malo kwina. Kalasi yake inali yachiwiri kukula, ndipo inali imodzi mwa ziwiri zimene zinkanyamula sukulu yonse. Aphunzitsi ambiri a m'sukulu zoterezi ndi achinyamata omaliza ku koleji ya uphunzitsi amene akudikira kulembedwa ntchito m'boma, ndiye mwini sukulu amadziwa kuti tsiku lina adzapita. Chimene angathe n'kuonetsetsa kuti asapite pakati pa temu chifukwa cha K20,000.

Mayi ankafuna kukweza fizi nthawi yomweyo kufika pa K70,000, alembe kalata Lachisanu, Lolemba makolo awonjezere. Ndinawaletsa. Makolo anali atauzidwa mtengo wa temuyo, ambiri anali asanamalize ngakhale K50,000, ndipo kuwasinthira pakati pa njala kukanangowapatsa chifukwa chabwino chochokera ndi ngongole zawo.

M'malo mwake tinachita masamu ena osavuta. Ana 94 pa K50,000 ndi K4,700,000. Tikakweza kufika pa K60,000, ana 79 akubweretsa ndalama yofanana ndi imeneyo. Choncho tikanatha kutaya ana 15 tisanayambe kuluza. Pa K70,000 mpata wotere unali waukulu papepala, koma mtengowo unkaposa wa sukulu zina ziwiri zapafupi zimene zinali ndi makalasi onse ndi mbiri ya mayeso, ndipo ndinkaopa kuti ochoka sangakhale 15. Fizi ya sukulu yaing'ono siimangidwa ndi zotuluka zokha. Pali denga limene oyandikana nawo anaika kale.

Tinagwirizana K60,000 kuyambira temu yachitatu, ndipo makolo anauzidwa mu Febuluwale pamsonkhano, osati pakalata yotumiza ndi mwana. Mayi analemba pa bolodi mtengo wa paketi ya mapepala mu Seputembala ndi mtengo wake tsikulo, malipiro a mlonda akale ndi atsopano. Bambo wina anaimirira n'kunena kuti nawonso malipiro awo sanakwere. Mayi anayankha kuti, "Zoona bambo, n'chifukwa chake tikukuuzani lero, osati tsiku lotsegulira." Aphunzitsi analonjezedwa K120,000 kuyambira Meyi, pa kalata yosainidwa, ndipo wa Sitandade 1 uja anatsala. Kuti temu yachiwiri ifike kumapeto ndi kubweza ngongole ya ku banki mkhonde, mayi sanalandire malipiro awo miyezi itatu. Poti malipirowo anali olembedwa, tinadziwa bwinobwino kuti sukulu ili nawo ngongole ya K450,000. Akanakhala osalembedwa, bwenzi tikunamizana kuti temuyo yayenda bwino.

Kusintha katoleredwe

Kukweza fizi pakokha sikukanakwanira. Zotuluka zatsopano zinafika pafupifupi K1,120,000 pamwezi, kapena K4.5 miliyoni pa miyezi inayi. Titakweza, anachoka ana anayi, n'kutsala 90. Papepala ndi K5,400,000. Tikanatolera 76 pa 100 ngati temu yoyamba, bwenzi zili K4.1 miliyoni, ndipo Ogasiti akanatigwetsa. Ndiye nkhondo yeniyeni inali pa katoleredwe.

Tinagawa fizi m'magawo atatu motsata masiku amene makolo amakhaladi ndi ndalama. Theka mwana asanalowe m'kalasi, gawo lachiwiri kumapeto kwa mwezi woyamba, lomaliza kumapeto kwa mwezi wachiwiri. Kale mayi ankadikira sabata ya mayeso kuti aopseze zobweza ana kapena kusunga malipoti. Pamenepo mwana amakhala ataphunzira kale temu yonse, ndipo m'temu yachitatu kholo limangomusamutsa. Ngongole ya temu yoyamba imabwera chifukwa mwana akubwereranso mu Januwale. Ya temu yachitatu imachoka ndi mwini wake. Choncho tinaika lamulo loti wosamaliza gawo lachiwiri pakatha masiku asanu, kholo liitanidwe lisaine tsiku lodzalipira, ndipo mwana abwezedwe pokhapokha tsikulo likaphonyedwa. Mayi sankafuna kubweza ana pageti anzawo akuona, ndipo ndinagwirizana nawo. Nkhaniyo inkathera pa foni madzulo ake.

Tinathetsanso kulandira ndalama pamanja. Makolo ankalipira kubanki kapena pafoni, n'kubweretsa umboni. Ena anadandaula za ndalama yodula potumiza, koma m'kabati munalibenso kanthu koti munthu n'kugulira simenti. Lachisanu lililonse akaweruka, mayi ankakhala ola limodzi kufananiza zolowa ndi mndandanda wa ana, ndipo mwezi woyamba ndinkakhala nawo.

Kenaka tinatsegula akaunti yachiwiri ya malipiro okhaokha. Pa K100 iliyonse yolowa, K75 inkasamutsidwira kumeneko sabata yomweyo. Chiwerengerochi sitinachitole m'mwamba. Malipiro onse ndi penshoni anali K876,000 pamwezi, pafupifupi K3.5 miliyoni pa miyezi inayi, ndipo tinkayembekezera kutolera pakati pa K4.6 ndi K4.9 miliyoni. Sukulu ina yokhala ndi lendi kapena basi gawo lake lingakhale losiyana, ndiye aliyense awerengere lake.

Nkhani ya ana aulere inali yovuta kuikamba kuposa zonsezi. Ndinawauza kuti sindikuwaletsa chifundo, koma chifundocho chikhale ndi dzina m'buku. Ana a aphunzitsi tinawaika pa theka la fizi, monga mbali ya malipiro. Adzukulu, makolo awo anayamba kulipira, mayi atawalankhula okha. Mwa atatu a kumpingo, mmodzi mayi anamutenga kuti azimulipirira pa malipiro awo, ndipo awiri anali m'gulu la amene anachoka. Nkhaniyi inawawawa, ndipo sindinganene kuti inatha bwino kwa onse.

Zotsatira

Temu yachitatu inatolera K4,900,000, pafupifupi 91 pa 100. Malipiro a Ogasiti 2024 anaperekedwa pa 27, ana ali pa holide, popanda kukongola kulikonse. Aphunzitsi onse anayi anabwerera.

Mu Seputembala analembetsa ana 128 pa fizi ya K65,000. Ambiri atsopano anali a nasale ndi Sitandade 1, monga tinkayembekezera, ena azing'ono awo a ana amene analipo kale. Chipinda cha Sitandade 5 chinamangidwa pa holide ndi malata aja. Simenti ina inali itauma chifukwa chokhalitsa m'sitolo ya chinyezi nyengo yonse ya mvula, matumba asanu ndi limodzi anatayidwa. Zotsala zomangira zinachokera ku ngongole ya K3 miliyoni ku bungwe losungitsa ndi kubwereketsa ndalama kumene mayi anali membala kuyambira ali pantchito, yobweza K300,000 pamwezi kwa chaka chimodzi. Ulendo uno ndinavomereza ngongole, chifukwa ana oibweza anali atakhala kale pamadesiki. Tikatenga 90 pa 100 ya fizi ya ana 128 tikupeza pafupifupi K7.5 miliyoni pa temu, pamene zotuluka, kuphatikizapo mphunzitsi watsopano ndi ngongoleyo, zinali pafupifupi K6.3 miliyoni.

Sitandade 5 inali ndi ana asanu ndi anayi okha, pansi pa mlingo wolipira mphunzitsi, umene pa mitengo yatsopano unali 11. Mayi anakwera nawo ana awo aja, n'kulemba mphunzitsi wa Sitandade 4. Zikutanthauza kuti ahedi akadali m'kalasi, ndipo ola la Lachisanu lija ndilo likugwira ofesi yonse. Ndinawauza kuti ana akafika 150 alembe kalaliki wa maola a m'mawa, ngakhale atero mochedwetsa chipinda cha Sitandade 6. Iwo akufuna chipinda kaye. Pamene ndinkalemba lipotili tinali tisanagwirizane, ndipo pa K450,000 imene sukulu inawakongola anali atabwezeredwa K150,000.